KUSINTHA MAWU SIKUFOTOKOZA: PHUNZIRO LA MLEMBI WACHINYAMATA

Pa malangizo onse amene mphunzitsi amalemba pabolodi, palibe amene ophunzira amawamva molakwa kuposa awa akuti, "Fotokozani m'mawu anuanu." Ambiri amaganiza kuti akuuzidwa kuchotsa mawu a mwini nkhani limodzilimodzi ndi kuikapo ena ofanana nawo, monga mmene munthu amachotsera malata akale padenga n'kukhomapo atsopano, mitengo ya denga ili yomweyo. Ntchito yotere imatopetsa, imadya nthawi ya mayeso, ndipo kawirikawiri imabala chinthu choipa kuposa kungokopera. Wokopera amaba mawu koma tanthauzo amalisiya lamoyo. Wosintha mawu amaba kamangidwe ka nkhani, tanthauzo n'kulipha.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri mzinda wa Zomba, pakuti kuno n'kumene kuli likulu la bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, ndiponso kuno n'kumene kuli Yunivesite ya Malaŵi, imene kufikira chaka cha 2021 inkadziwika ndi dzina lakuti Chancellor College. Wophunzira wa Fomu 4 amakumana ndi luso limeneli poyankha mafunso a kumvetsa nkhani ndi polemba chifupikitso. Akalowa koleji amakumana nalonso m'chimangirizo chilichonse, ndipo kumeneko kutenga ntchito ya mwini n'kuiyesa yako ndi mlandu. Ngakhale amene sapitiriza maphunziro, akalembedwa ukalaliki kapena akasankhidwa kukhala mlembi wa komiti ya kumudzi, adzafunika kulemba zimene ena anena popanda kuzipotoza.

Mawu apachibale si mapasa

Chifukwa choyamba chimene njira yosintha mawu imalepherera n'chakuti mawu amene timawatcha ofanana matanthauzo safanana kotheratu. Ali ngati ana a bere limodzi: nkhope zikufanana, koma aliyense ali ndi khalidwe lake ndi ntchito yake.

Taganizani za amayi amene amatsika phiri la Zomba ndi mitolo ya nkhuni. Timati asenza nkhuni, chifukwa mtolo uli pamutu. Mwana amene ali kumsana timati am'bereka, ndipo akamuika pamiyendo timati am'pakata. Mawu onsewa ndi abale a mawu akuti kunyamula, koma wolemba amene angasinthe "anasenza nkhuni" n'kulemba "anabereka nkhuni" walemba zoseketsa. Chimodzimodzinso ndi madzi: mbale timatsuka, zovala timachapa, thupi timasamba, kumaso timasukusula. Kumunda chimanga timakolola, mbatata timakumba, mpunga wa kuchigwa cha Chilwa timamweta, ndiwo zamasamba timathyola. Mneni aliyense ali ndi mayina amene amayenda nawo, ndipo Mchewa amamva msanga ngati mneni wakwatitsidwa kwa dzina lolakwika.

Palinso nkhani ya ulemu. Kufa ndi kumwalira n'chinthu chimodzi, koma mbuzi siimwalira, ndipo mwana woleredwa bwino sanena kuti agogo afa. Wosintha mawu mosaganizira angathe kunyoza munthu amene mwini nkhani anam'lemekeza, kapena kulemekeza chiweto.

Zining'a ndiye sizilola n'komwe kukhudzidwa. Kutaya ndi kuponya n'zapachibale, koma kutaya mtima sikungasanduke kuponya mtima. Kugwira ndi kufumbata n'zoyandikana, koma palibe munthu amene amafumbata ntchito. Kutsina khutu ndiko kuchenjeza mwamseri. Mukalemba kuti kukanda khutu, chenjezolo lathawa. Chining'a chili ngati dzira: mumalinyamula lathunthu, kapena mumalisiya n'kunena tanthauzo lake m'mawu wamba.

Pomaliza, pali mawu amene amalembedwa mofanana koma ali ndi matanthauzo awiri. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa poyankhula mwa kukweza kapena kutsitsa liwu, koma papepala zimaoneka chimodzimodzi. Kulemba kalata sikufanana ndi kulemba munthu ntchito. Amene akuyang'ana liwu lokha, osayang'ana chiganizo chonse, sangadziwe tanthauzo limene ayenera kulifunira mnzake.

Apa m'pofunika kunenapo za buku lotanthauzira mawu. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies, nthambi ya yunivesite kuno ku Zomba. Nthambiyi ndiyo inakonza buku la Mtanthauziramawu wa Chinyanja, limene linatuluka mu 2000. Buku lotere n'lothandiza kwambiri pofuna kumvetsa liwu lachilendo. Koma ntchito yake ndi kukuunikirani tanthauzo. Silingakuuzeni ngati liwu lina lingakwane pamalo enieni amene mwini nkhani anaika lake. Ameneyo ndi mlandu wa khutu lanu ndi nzeru zanu.

Ndime imodzi, njira ziwiri

Tiyeni tsono tione zimenezi pa ndime yeniyeni. Nayi ndime ya ziganizo zitatu imene takonza kuti ikhale chitsanzo:

"Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975, pamene boma linasamutsira likululo ku Lilongwe. Ngakhale kuti maunduna ambiri anasamuka, Nyumba ya Malamulo inapitiriza kukumana ku Zomba kwa zaka zina zambiri. Chimodzi mwa zinthu zimene zinathandiza kuti mzindawu usazilale n'chakuti Chancellor College inali itasamukira kale ku Chirunga mu 1973, kuchokera ku Chichiri mumzinda wa Blantyre."

Wophunzira wotsata njira yosintha mawu angatulutse zotere:

"Tauni ya Zomba inali mzinda waukulu wa fuko lino mpaka nyengo ya 1975, nthawi imene atsogoleri anachotsera mzindawo ku Lilongwe. Popeza maofesi onse anachoka, Bwalo la Malamulo linalimbikira kusonkhana ku Zomba kwa nthawi yaitali. Chinthu chimene chinachititsa kuti tauniyi isazime n'chakuti Chancellor College inali itathawira kale ku Chirunga mu 1973, kutuluka ku Chichiri m'tauni ya Blantyre."

Pongoyang'ana mwachangu, wophunzirayu walimbikira: pafupifupi liwu lililonse lasintha. Koma tiyeni tiwerenge zimene zawonongeka.

Choyamba, likulu si mzinda waukulu. Likulu ndi malo amene boma limakhala. Pa nthawi imene Zomba unali likulu, mzinda umene unali waukulu ndi wa malonda unali Blantyre. Wophunzirayu wanena bodza la mbiri popanda kudziwa. Bodzali labalanso lina: popeza likulu lasanduka mzinda, chiganizo chake chikuti mzinda ndiwo unachotsedwa, ngati kuti nyumba ndi misewu ya Zomba zinakwezedwa pagalimoto. Ndiponso kunena kuti "anachotsera mzindawo ku Lilongwe" kungamveke ngati chinthucho chinachoka ku Lilongwe, pamene zoona n'zakuti chinapita kumeneko.

Chachiwiri, mlumikizi wakuti "ngakhale" wasanduka "popeza". Timawu timeneti n'tating'ono, koma ndito timagwira msana wa nkhani. Mwini ndime akunena kuti aphungu anatsala ku Zomba mosemphana ndi zimene munthu akanayembekezera. Wophunzirayu akunena kuti anatsala chifukwa chakuti ena anachoka. Kutsutsana kwasanduka chifukwa, ndipo ganizo latembenuzika chadodolido.

Chachitatu, muyeso wasintha kawiri. "Maunduna ambiri" asanduka "maofesi onse", chonsecho aliyense wodziwa Zomba akudziwa kuti maofesi ena a boma, monga nyumba yosungiramo zolemba zakale za dziko, anatsalira konkuno. Momwemonso "chimodzi mwa zinthu" chasanduka "chinthu chimene chinachititsa". Mwini ndime anadzichepetsa, anasiya malo a zifukwa zina. Wophunzirayu wamuumiriza kunena zimene sananene.

Chachinayi, dzina la Nyumba ya Malamulo lakhudzidwa. Nyumba ndi bwalo zingakhale pafupi, koma woŵerenga akamva Bwalo la Malamulo amaganiza za khoti, kumene oweruza amazenga milandu, osati kumene aphungu amapanga malamulo. Dzina la bungwe silimasulidwa ndi mawu ena.

Chachisanu, mawu ena abweretsa fungo limene munalibe. Kuthawa kumasonyeza mantha kapena ngozi. Koleji sinathawe, inasamuka mwadongosolo. Kulimbikira kumasonyeza kuti panali wina wokaniza. Chaka si nyengo. Izi n'zolakwa zing'onozing'ono, koma zikaunjikana woŵerenga amatenga chithunzi china.

Tsopano tiyerekeze kuti wophunzira wina wochenjera wapewa mbuna zonsezi, ndipo liwu lililonse walipezera mnzake woyenera. Kodi wapambana? Iyayi. Ziganizo zake zikadali zitatu, zoyamba ndi mfundo yomweyo, zotsatana mwa njira yomweyo, zopumira pamalo omwewo. Mukaika ndime ziwirizo pafupi, mungathe kujambula mzere kuchokera pa liwu lililonse la mwini kufika pa liwu la wophunzira, mizereyo osapingasana. Imeneyo ndi nyumba ya mwini yopakidwa laimu watsopano. Mphunzitsi sangadziwe ngati mwanayo wamvetsa nkhani, pakuti ntchito yotere munthu angathe kuichita ngakhale pa ndime imene sakuimva konse. Ichi ndicho chifukwa chachiwiri, ndipo n'chachikulu kuposa choyamba.

Njira yoyenera

Kufotokoza m'mawu anuanu kumayambira m'mutu, osati pacholembera. Pali masitepe asanu, ndipo tiwayesa pa ndime yomweyi.

Poyamba, werengani ndime yonse kawiri osalemba kanthu. Ulendo woyamba n'ngofuna kudziwa kumene nkhani ikulowera. Ulendo wachiwiri n'ngofuna timawu tolumikiza ndi toyezera: ngakhale, koma, chifukwa, pokhapokha, ena, ambiri, onse, mwina, kale. Pa ndime yathu timawu timeneti ndi "kufikira", "ngakhale", "ambiri", "chimodzi mwa" ndi "kale". Kamodzi kotsirizako kakutiuza kuti koleji inafika likulu lisanachoke.

Kachiwiri, tolani mfundo zokhazokha, osati ziganizo. Dzifunseni kuti: anachita ndani, anachita chiyani, liti, kuti, ndipo mfundo iyi ikugwirizana bwanji ndi inzake? Lembani mwachidule pambali: 1973, koleji, Chichiri kupita Chirunga, 1975, likulu, Zomba kupita Lilongwe, maunduna ambiri anapita, osati onse, aphungu anatsala zaka zambiri, mosayembekezeka, koleji inathandiza mzinda, koma si yokha. Mfundozo zilipo zisanu. Ziwerengeni, chifukwa nambala imeneyi mudzaifuna pomaliza.

Kachitatu, tsekani buku. Ili ndilo sitepe limene ambiri amalilumpha, chonsecho ndilo mtima wa ntchito yonse. Maso akakhala pa ndime ya mwini, dzanja limatsata mapazi ake lokha. Mutatseka buku, nenani nkhaniyo pakamwa monga mukuuza mng'ono wanu amene sanapite kusukulu tsiku limenelo. M'chipinda cha mayeso nenani chamumtima. Ngati mwakakamira pakati, musadzinamize kuti mawu ndiwo akusowa. Chimene chikusowa ndi kumvetsa, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera kukawerenganso.

Kachinayi, lembani poyambira pakhomo lina. Amene anakwerapo phiri la Zomba amadziwa kuti pamwamba pake pamafikika ndi msewu wa galimoto wopita ku Ku Chawe, pamafikikanso ndi tinjira ta miyendo. Phiri ndi lomwelo, koma zooneka m'njira zimasiyana. Mwini ndime anayamba ndi 1975 n'kubwerera ku 1973. Inu mungathe kutsata zaka mwa dongosolo lake. Iye anaika boma monga mwininkhani wa chiganizo. Inu mungathe kuika mzinda. Iye anati Nyumba ya Malamulo inakumana. Inu mungathe kunena za aphungu, pakuti ndiwo amakumana m'nyumbamo. Chiganizo chachitali mungachigawe pawiri, ziwiri zazifupi mungazilumikize. Zotsatira zake zingakhale izi:

"Mu 1973 Chancellor College inachoka ku Chichiri, ku Blantyre, n'kukakhazikika ku Chirunga. Patangopita zaka ziwiri, Zomba unataya udindo wake monga likulu la Malaŵi, ndipo udindowo unapita ku Lilongwe pamodzi ndi maunduna ambiri. Komabe aphungu sanachoke msanga, ndipo kubwera kwa kolejiyo kunali pakati pa zinthu zimene zinasunga moyo wa mzindawo."

Onani kuti mawu ena sanasinthe: likulu, maunduna, ambiri, ndi mayina onse a malo. Palibe cholakwa pamenepo. Chimene chasintha ndi kamangidwe. Onaninso kuti "patangopita zaka ziwiri" mulibe m'ndime ya mwini. Wolembayu waziwerengera yekha kuchokera pa 1973 ndi 1975, ndipo umenewo ndi umboni wakuti wamvetsa.

Kachisanu, tsegulani buku ndi kuyerekeza. Funsani mafunso atatu: kodi ndasiya mfundo, kodi ndawonjezera mfundo, kodi ndasintha mphamvu ya mfundo? Mfundo zisanu zija zonse zilimo, ndipo palibe yachilendo. Koma funso lachitatu likugwira kachilema: "sanachoke msanga" kungatanthauze miyezi yochepa chabe, pamene mwini ndime anati zaka zambiri. Tikonze motere: "Komabe panapita zaka zambiri aphungu akuchitirabe misonkhano yawo ku Zomba." Tsopano muyeso wabwerera m'malo mwake.

Zosayenera kukhudzidwa

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Mayina a anthu, a malo ndi a mabungwe, zaka ndi ziwerengero, zimakhala momwe zilili. Mawu a luso nawonso sasinthidwa. Wa zankhalango paphiri akanena kuti apatulira mitengo ya paini, akutanthauza kuchotsamo ina kuti yotsalayo ikule bwino. Mlembi akasintha n'kulemba kuti agwetsa mitengo, woŵerenga adzaganiza kuti phiri lametedwa mpala. Damu la Mulunguzi, limene limapereka madzi kumzinda wa Zomba, ndi damu chifukwa linamangidwa ndi anthu. Kulitcha dziwe n'kuchotsa mfundo imeneyo.

Pali zolembedwa zina zimene mphamvu yake ili m'mawu enieniwo, monga ndime ya lamulo, mzere wa ndakatulo, kapena lonjezo limene munthu wapereka pamsonkhano. Zotere ndi bwino kuzilemba monga momwe zilili, m'kati mwa zizindikiro zosonyeza kuti ndi mawu a mwini. Mwambi nawonso sausintha mawu: mumaunena wathunthu, kenaka n'kumasulira phunziro lake.

Chinanso choyenera kukumbukira n'chakuti kusintha kamangidwe sikukusandutsani mwini ganizo. Wobwereka khasu, ngakhale aliike mpini watsopano, khasulo ndi la mwini wake. Mukafotokoza maganizo a wolemba wina m'chimangirizo, tchulani dzina lake ndi buku lake, ngakhale mawu onse akhale anu.

Mawu kwa aphunzitsi

Ntchito ya mwana wosintha mawu ili ndi zizindikiro zake. Mumapeza liwu lachilendo, lozama, litakhala pakati pa chiganizo wamba ngati mlendo wovala suti kudimba. Mumapeza agwirizanitsi akulimbana: mwana wachotsa "likulu", dzina la gulu la Li-Ma, waikapo "mzinda", la gulu la Mu-Mi, koma mneni wamusiya akuti "linasamuka". Mumapeza kuti utali wa ziganizo ndi malo a zizindikiro zopumira zikufanana ndendende ndi za m'buku. Chizindikiro chotsimikiza ndi ichi: m'funseni mwanayo kuti atseke kope lake anene zimene walemba. Womvetsa amanena mosavuta, mwinanso bwino kuposa mmene analembera. Wosintha mawu amangoti kakasi.

Tisafulumire kumudzudzula mwana wotere, pakuti nthawi zina chizolowezichi chimachokera m'kalasi momwemo. Tikamaphunzitsa mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo popanda kuwaika m'ziganizo, tikumuuza mwana kuti mawuwo ndi mapasa. Tikamachonga ndi inki yofiira liwu lililonse limene likupezekanso m'ndime, tikumuphunzitsa kuopa mawu m'malo mosamala tanthauzo. N'kwabwino kupereka malikisi pa mfundo zimene zasungidwa ndi pa kamangidwe katsopano, osati pa kuchuluka kwa mawu osinthidwa.

Nayi ntchito imene ingachitike m'phunziro limodzi la mphindi 40, ngakhale m'kalasi lopanda mabuku okwanira. Lembani ndime ya ziganizo zitatu pabolodi. Ana aiwerenge kawiri, atole mfundo, ndipo kalasi ligwirizane kuti mfundozo zilipo zingati. Kenaka fufutani ndimeyo. Ana akhale awiriawiri, wina afotokozere mnzake pakamwa, mnzakeyo awerenge mfundo ndi zala. Atatero aliyense alembe, koma mwa lamulo limodzi lokha: asayambe ndi mfundo imene mwini ndime anayamba nayo. Pomaliza werengani ndime ija mokweza, ndipo aliyense ayese ntchito ya mnzake ndi mafunso atatu aja. Njira yomweyi imagwiranso ntchito m'phunziro la Chingerezi, kumene chiyeso chothamangira ku buku la mawu chimakula chifukwa chinenerocho n'chachilendo.

Amene akufuna kudziyesa yekha kunyumba ayambe ndi ndime iyi: "Ngakhale kuti Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, madzi anabwereranso mvula itagwa bwino, ndipo asodzi ambiri anayambanso ntchito yawo." Muli mfundo zingati? Ndi kamawu kati kamene kakugwira msana wa chiganizochi? Nanga "inaphwa" angalowedwe m'malo ndi "inatha" popanda kutaya kanthu? Tsekani nyuzipepala ino, muuze amene mwakhala naye pafupi, ndipo mukatero mulembe, kuyambira pa asodzi.